Kodi mumadziwa? Magetsi a njinga yamoto akayamba kuvuta

Kodi mumadziwa kuti njinga zamoto zambiri zonyamula anthu pa kabaza kuno ku Nambuma zili ndi magwero awiri a moto? Gwero loyamba ndi batire la 12V lomwe limakhala kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali. Lachiwiri ndi maginito, makoyilo aja ali mkati mwa injini, amene amapanga moto pokhapokha injini ikulira. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri, hutala, maindiketa, getsi la buleki ndi kagetsi kobiriwira ka nyutulo zimadya za batire, pomwe nyale yakutsogolo imadya za maginito. Kuti mudziwe za njinga yanu, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyatse nyale. Ikayaka, ndiye kuti ili pa batire. Ikadikira kiki, ili pa maginito. Wosadziwa zimenezi amagula batire latsopano pofuna kuchiza nyale yomwe sidya n'komwe za batire.

Kodi mumadziwa kuti hutala ndi mita ya munthu wosauka? Maindiketa akafa, musanamasule chilichonse, lizani hutala injini ili chete. Ikalira mokoka ngati mbuzi yodwala, batire latha mphamvu, ndipo maindiketa sangaphethire ndi moto wochepa chotero. Njinga zambiri zimalira bwinobwino pa kiki ngakhale batire litafa kalekale, n'chifukwa chake ena amayenda miyezi osadziwa. Chizindikiro chake n'chakuti maindiketa amaphethira mukaponda moto, koma mukafika pokhota n'kuchepetsa, amaima. Apo ndiye pomwe amafunikira.

Kodi mumadziwa kuti mmene indiketa yafera zimaloza komwe kuli vuto? Mbali zonse ziwiri zimagwiritsa fulasha imodzi, kabokosi kokhala ndi mapini awiri komwe kamabisika pansi pa thanki kapena pafupi ndi batire. Choncho ngati kumanja kukuphethira koma kumanzere kwafa, fulasha ilibe mlandu, isiyeni. Yang'anani mababu a kumanzereko, waya wake, ndi swichi ya pa handulo. Ngati babu imodzi yokha ndiyo yapsa, inzake ya mbali yomweyo imangoyaka osaphethira, kapena imaphethira mothamanga, chifukwa fulasha wamba inapangidwa kuti inyamule mababu awiri a 10W pamodzi. Koma mbali zonse zikafa nthawi imodzi, hutala ikulira bwino, ndiye mukhoza kuikayikira. Izuleni, mulumikize mawaya ake awiri aja ndi kachidutswa ka waya, mukankhe swichi. Mababu akayaka osaphethira, fulasha ndiyo yafa, gulani ina. Akakhalabe chete, tsegulani swichi. Fumbi la m'chilimwe la misewu yathu yopita ku Nsaru ndi ku Kabudula limalowa mmenemo, mvula ya mu Disembala n'kudzaliumba matope, timkuwa tamkati n'kuchita dzimbiri. Kupala ndi sandipepa kumakwanira. Chenjerani ndi kasipuling'i ndi kampira kachitsulo ka mkatimo, tikagwera m'dothi simutipezanso.

Kodi mumadziwa kuti indiketa ikamaphethira pamodzi ndi getsi lakumbuyo, vuto si ufiti wa mawaya koma ethi? Moto ukachoka ku batire umayenera kubwerera, ndipo umabwerera kudzera pa waya wa ethi ndi felemu ya njinga. Njira yobwererayo ikatsekedwa ndi dzimbiri kapena bawuti yokhwepa, moto umafuna podutsa pena, ndipo umadzera m'babu yoyandikana nayo. Mayeso ake ndi achidule. Tengani waya, mbali ina muigunditse pa nsonga ya batire yolembedwa chizindikiro chochotsera, ina pa chitsulo chomwe babu yakhalamo. Zikakhala bwino pompo, palani pomwe ethi inamangidwa mpaka chitsulo chiwale, mumangenso.

Kodi mumadziwa kuti mitundu ya mawaya ili ndi tanthauzo? Njinga zambiri zochokera ku China zinatengera kalumikizidwe ka Honda. Wobiriwira ndi ethi, wofiira amachokera ku batire, wakuda amakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa. Wa olenji ndi indiketa ya kumanzere, wabuluu wowala ndi ya kumanja, wotuwa amachokera ku fulasha. Ku nyale yakutsogolo, wabuluu ndi wa kuwala kwapatali, woyera ndi wa kuwala kwapafupi. Njinga za ku India monga Boxer ndi TVS zili ndi mitundu yakeyake, ndipo njinga yomwe yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri imakhala ndi zigamba za waya uliwonse womwe unapezeka tsikulo. Mtundu ukuuzeni poyambira, koma wotsimikiza akhale babu yoyesera.

Kodi mumadziwa kuti fyuzi kawirikawiri siipsa chifukwa cha ukalamba? Kawaya kake kanapangidwa dala kukhala kofooka, kuti moto ukachuluka kapse ndi iko, mawaya a njinga apulumuke. Njinga zazing'ono zambiri zili ndi fyuzi imodzi yokha, ya 10A kapena 15A, pa waya wofiira pafupi ndi batire. Ikakhala yagalasi, iyang'aneni padzuwa. Galasi lodetsedwa ndi utsi limatanthauza shoti yeniyeni, waya wamoto wagunda felemu. Kawaya kongoduka pakati galasi lili loyera kamasonyeza kuti katundu wachuluka. Kuwerengera kwake n'kophweka: fyuzi ya 10A pa batire la 12V imanyamula pafupifupi 120W. Munthu akamangirira nyale ziwiri zowonjezera za 55W, watenga kale 110W, ndiye akaponda buleki babu ya 21W n'kuyaka, sipika ikulira, foni ili pa tchaja, fyuzi ichitenji?

Zomwe ambiri amachita zikatero n'zodziwika: kukulunga fyuzi yakufayo ndi chipepala chonyezimira cha m'paketi ya ndudu, kapena kupotapo waya wamkuwa. Njinga imayaka ndithu, ndipo wokwera amafika. Koma shoti ija ikadalipo, ndipo tsopano chomwe chipse ndi mtolo wonse wa mawaya, womwe umadutsa pansi penipeni pa thanki ya petulo. Kwa ine, kukankha njinga mpaka pamsika n'kotchipa kuposa zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti shoti imapezeka ndi babu imodzi, osawononga fyuzi ina? Apa tiyeni tifatse. Tinene kuti wakabaza wanyamula thumba la mtedza kuchokera kumudzi kupita pamsika wa Nambuma. Fyuzi yapsa. Waika ina, wayenda pang'ono, yapsanso, koma njinga ikaima pamalo amodzi zonse zimaoneka zabwino. Makaniko wodziwa ntchito amatenga babu ya nyale yakutsogolo ya 35W, n'kuilumikiza ndi mawaya awiri pamalo pomwe pamakhala fyuzi. Tsopano moto wonse wochokera ku batire ukudutsa m'babuyo, ndipo babu siilola wochuluka kudutsa, kotero palibe chomwe chingapse. Injini ikhale yozimitsa.

Kiyi ali chitsekere, babu ili chete. Izi zikutiuza kuti waya wofiira wochokera ku batire kukafika ku kiyi uli bwino. Ikanawala apa, tikanafufuza waya ameneyo ndi legyuleta. Atsegula kiyi: babu ikungoti nyenye, mwina osaoneka n'komwe, chifukwa kagetsi ka nyutulo kamadya pang'ono. Aponda buleki: yawala mofiira, mwapakatikati, ndipo getsi lakumbuyo nalo layaka mofooka. Kumeneko n'kugawana moto, si shoti. Ayesa indiketa, chimodzimodzi. Ndiye agwira mahandulo, akhotetsa mpaka kumanzere kwenikweni, babu ija ngwee, kuwala konse. Abweza pakati, yazima. Vuto lapezeka dera lake: pakhosi pa njinga, pomwe mtolo wa mawaya umapindika nthawi zonse mahandulo akatembenuka. Akasenda tepi pamenepo apeza waya wakuda wakhulika khungu, mkuwa uli poyera, ndipo pa felemu pali kadontho kakuda pomwe wakhala ukuthetheka. Aukulunga, ausuntha kuti usakhulenso chitsulo, abwezera fyuzi ya nambala yomwe inalipo.

Mahandulo akanapanda kuonetsa kanthu, akanagwedeza mawaya pansi pa chishalo, pomwe matumba olemera amapsinja, ndi kumbuyo pamwamba pa tayala, pomwe waya wolendewera amadyedwa. Babu ikakhala yowala nthawi zonse, njira ndi kuzula mapulagi limodzilimodzi. Lomwe lizimitse babu ndilo likupita ku shoti.

Kodi mumadziwa kuti si kuphethira konse kwa nyale komwe kuli matenda? Nyale yodya za maginito imafooka injini ikamalira pang'onopang'ono, n'kuwala mukaponda moto. Inabadwa choncho. Chofunika ndi kuona chomwe kuphethirako kukutsatira. Ngati kukutsatira mabampu, pali chinachake chokhwepa. Imitsani njinga injini ikulira, mumenye chigoba cha nyale ndi chikhatho. Ikathima n'kuyakanso, tsegulani muone timapini tokhudza kunsi kwa babu. Tikakhwepa timatentha, pulasitiki wake n'kusungunuka, ndipo fungo lake mumalimva. Ngati kuwala kwapatali kuli bwino koma kwapafupi n'komwe kukuvuta, ganizirani swichi yosinthira kapena kawaya kamodzi ka m'babu, popeza babu imeneyi ili ndi tiwiri. Ndipo ngati munachotsa babu wamba n'kuika ya LED pa njinga yomwe nyale yake imadya za maginito, kunjenjemera kwa kuwalako kukuchokera pamenepo: moto wa maginito umasinthasintha mbali, pomwe ma LED ambiri amafuna moto wokhazikika wa batire.

Kodi mumadziwa kuti nyale yowala mopitirira ndi yoopsa kuposa yofooka? Mukamaponda moto nyale n'kuyera mbee, kenako babu phwa, mawa inanso, ndiye kuti legyuleta yasiya kuchepetsa moto. Ndi kabokosi kachitsulo ka mizeremizere komangidwa pa felemu. Apa mita ndi yofunika, ndipo amakaniko ena komanso okonza mafoni ndi masola amakhala nayo. Batire lodzaza, njinga itazima kwa kanthawi, limaonetsa pafupifupi 12.6V. Injini ikulira mwapakatikati, nambala ikwere kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ikapitirira 15V, legyuleta ikuphika batire, ndipo mudzaona madzi ake akuuma msanga kapena batirelo likutupa. Ikapanda kukwera n'komwe, moto wa maginito sukufika. Koma musanalipire legyuleta yatsopano, zulani pulagi yake muone ngati mapini sanade kapena kumera zobiriwira, ndipo mupale pomwe waya wake wa ethi wamangidwa, chifukwa legyuleta yabwinobwino yosowa ethi imapsereza mababu chimodzimodzi ndi yakufa.