Mpatuliro umodzi ungasokoneze kafukufuku yense

Ofufuza akabwerako kumidzi ndi mitolo ya mapepala a mafunso, ntchito yotsatira ndi ya makalaliki, kulemba mayankho onse pa kompyuta. Pomaliza, mayankhowo amasungidwa mu fayilo ya mtundu wa CSV kuti akatswiri owerengetsera ayitsegule m'mapulogalamu awo. Ambiri amaiona ntchito imeneyi ngati yongodina batani, chonsecho mayankho amene anatoleredwa bwinobwino amaonongekera pomwepa.

Fayilo ya CSV ndi mawu wamba, ilibe mizere yojambula ngati ya tebulo. Mukaitsegula mu Notepad mupeza kuti mzere uliwonse ndi wa munthu mmodzi amene anafunsidwa, ndipo mayankho ake alekanitsidwa ndi mpatuliro. Pulogalamu ikamawerenga, ikakumana ndi mpatuliro imati yankho lathera apa, lotsatira lipite m'danga lina. Siidziwa Chichewa, siidziwanso kuti funso linali lotani. Yake ndi kuwerenga mipatuliro basi.

Tiyerekeze kafukufuku wa alimi wokhala ndi madanga asanu: nambala ya pepala, boma, mbewu zimene mlimi analima, ndalama zimene anagulira fetereza, ndi ndemanga yake. Mlimi wa pepala 17, wa ku Mchinji, wati analima chimanga, mtedza ndi soya, ndipo anawononga K15,000. Kalaliki akalemba monga mmene zilili papepala, mzere ukhala chonchi:

```
nambala,boma,mbewu,ndalama,ndemanga
17,Mchinji,chimanga, mtedza, soya,15,000,mvula inachedwa
```

Werengani zigawo za mzere wachiwiriwo. Zilipo 8, pamene madanga alipo 5. M'danga la mbewu mwalowa chimanga chokha, m'danga la ndalama mwalowa mtedza, soya wasanduka ndemanga. Ndalama zija zagawika pawiri, 15 kwake, 000 kwake, zonse zapita kunja kwa tebulo. Mpatuliro wa m'kati mwa ndalama ndiwo umagwetsa ambiri, poti aliyense anazolowera kulemba makwacha motero ndipo diso siliuona ngati cholakwika.

Ena akaona vutoli amalamula makalaliki kuti azifufuta mipatuliro yonse m'mayankho. Pa ndalama nzoona, lembani 15000 popanda K ndi mpatuliro, chifukwa danga limenelo ndi lowerengetsera. Koma pa mawu a anthu ine ndikukana. Mayi akanena kuti «ayi, anandipatsa», mukachotsa mpatuliro mwasiya chiganizo chimene wina angachimve mwina. Kalaliki sanalembedwe ntchito yosintha zimene anthu anayankha.

Njira yake ilipo kale. Mu Okutobala 2005 munatuluka chikalata chotchedwa RFC 4180, cholembedwa ndi Yakov Shafranovich, chimene chinasonkhanitsa malamulo amene mapulogalamu ambiri amatsata pa CSV. Lamulo lake ndi lakuti yankho lokhala ndi mpatuliro m'kati litsekeredwe ndi mitengero iwiri, wina koyambirira wina kumapeto. Pulogalamu ikaona mtengero woyamba imaleka kuwerenga mipatuliro mpaka itafika pa wotseka. Chimodzimodzinso yankho lalitali limene kalaliki wadina Enter pakati pake: likakhala m'mitengero limakhalabe yankho limodzi, apo ayi theka lake lisanduka munthu watsopano amene sanafunsidwe n'komwe.

Nanga yankho lenilenilo likakhala ndi mitengero yakeyake? Zimachitika kawirikawiri m'ndemanga, munthu akamabwereza mawu a wina. Pamenepo mtengero uliwonse wa m'kati umalembedwa kawiri motsatizana. Mzere wa mlimi uja, utakonzedwa, ukhala chonchi:

```
17,Mchinji,"chimanga, mtedza, soya",15000,"Alangizi anati ""dikirani"", ndiye tinachedwa kubzala"
```

Zigawo zabwerera pa 5. Kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe kapena m'munda kasakudetseni nkhawa, lamuloli likukamba za `"` yekha.

Komabe mitengero imeneyi siyoti munthu aziika pamanja. Mukaiwala wotseka mmodzi, pulogalamu imameza mizere yotsatira ngati yankho limodzi mpaka itakumana ndi mtengero wina, mwina patadutsa anthu khumi. Lembani mayankho mu Excel kapena LibreOffice Calc, yankho lililonse m'kabokosi kake, ndipo posunga pulogalamuyo iika yokha mitengero pamene ikufunika. Mu Excel sankhani `CSV UTF-8 (Comma delimited)`. Kusankha UTF-8 kumateteza chilembo cha ŵ. Mukadzaona Malaŵi yasanduka `MalaÅµi`, dziwani kuti fayilo inasungidwa mu UTF-8 koma yatsegulidwa ndi kawerengedwe kena. Zilembo zikadalimo, ingoitsegulaninso moyenera musanasunge chilichonse. Onaninso makompyuta otcheredwa Chipwitikizi, monga ambiri a ku Mozambique: kumeneko mpatuliro umagwira ntchito m'manambala, choncho Excel imalekanitsa mayankho ndi `;`. Fayilo yotero ikatsegulidwa kuno, zonse zimaunjikana m'danga limodzi.

Mbali yachiwiri ya ntchitoyi ndi madanga enieniwo, ndipo pano vuto silichokera ku kompyuta, limachokera kwa anthu. Makalaliki atatu akapatsidwa mapepala popanda kugwirizana, wina alemba `boma`, wina `Boma`, wachitatu ayamba ndi ndalama mbewu pambuyo. Fayilo iliyonse payokha imaoneka bwino, chisokonezo chimabwera pophatikiza. Mndandanda wa madanga ulembedwe kamodzi ntchito isanayambe, mayina ake ndi ndondomeko yake, aliyense alandire tebulo lomwelo. Funso limene munthu sanayankhe lisatayidwe. Malo ake akhalepo opanda kanthu, kutanthauza mipatuliro iwiri yogundizana, monga `18,Dedza,,15000,palibe`. Ndi bwino kugwirizananso chizindikiro chosiyanitsa amene anakana kuyankha ndi amene funsolo silinkamukhudza, chifukwa danga lopanda kanthu silinena chimene chinachitika.

Amene amalemba mapulogalamu mu Python asalumikize mayankho ndi mipatuliro okha. Chida cha `csv` chimagwira ntchito zonse ziwiri:

```python
import csv
madanga = ["nambala", "boma", "mbewu", "ndalama", "ndemanga"]
with open("alimi.csv", "w", newline="", encoding="utf-8-sig") as f:
    w = csv.DictWriter(f, fieldnames=madanga, restval="")
    w.writeheader()
    w.writerows(mayankho)
```

Apa `restval` amasiya malo pa funso losayankhidwa, ndipo pakapezeka dzina la danga limene mulibe m'ndandanda, pulogalamu imaima ndi `ValueError` m'malo molemba zolakwika mwakachetechete. `utf-8-sig` imaika kachizindikiro koyambirira kwa fayilo kamene kamathandiza Excel kuzindikira UTF-8.

Musanatumize fayilo, iwerengeninso ndi pulogalamu yodziwa CSV ndipo muone ngati mzere uliwonse uli ndi zigawo 5, komanso ngati anthu ali m'fayilo akufanana ndi mapepala ali pa tebulo lanu. Anthu akachuluka, pali yankho limene laduka pa Enter; akachepa, pali mtengero wosatsekedwa. Koma kuwerenga zigawo pakokha sikukwana. Taonani mzere uwu: `18,Dedza,15,000,palibe`. Kalaliki wadumpha funso la mbewu osasiya malo, kenaka waika mpatuliro m'ndalama. Zolakwika ziwirizo zaphimbana, zigawo zakwana 5, chonsecho mbewu za mlimiyu zalembedwa kuti 15 ndipo ndalama zake ndi 000. Chotere chimagwidwa poyang'ana danga lililonse palokha: m'danga la boma mukhale mayina a maboma okhaokha, la ndalama manambala okhaokha, la mbewu musapezeke nambala. Mukasanja danga motsatira alifabeti, zachilendo zimathawira pamwamba kapena pansi pomwe muziona msanga.

Pomaliza tengani mapepala angapo, makamaka a ndemanga zitalizitali, muwayerekeze ndi mizere yake mawu ndi mawu. Mapepalawo musawataye kufikira owerengetsera atanena kuti fayilo yatseguka bwino kwawo.