Zipi ikakana kutseguka: mmene zithunzi zingapulumukire

Tiyerekeze kuti wojambula zithunzi wamaliza ntchito ya pa ukwati ndipo ali ndi zithunzi 240, chilichonse cha megabaiti 5. Wazilongedza mu fayilo imodzi ya zipi ya megabaiti pafupifupi 1,200, waikweza pa intaneti, nkutumiza linki kwa eni ukwati. Iwo agula bandulo, adikira madzulo onse, fayilo yafika. Koma akaidina, kompyuta ya Windows ikungowauza kuti:

```
Windows cannot open the folder.
The Compressed (zipped) Folder is invalid.
```

Zikatere, anthu ambiri amaganiza kuti zonse zapita. Wolandira amaimba foni mokwiya, ndipo wotumiza amayankha kuti ndiye azingotumiza chimodzichimodzi. Njirayi imagwiradi ntchito, koma ikachitidwa mwaphuma imadya bandulo yachiwiri ndipo kawirikawiri imawononga zithunzi zomwezo. Chodabwitsa ndi chakuti nthawi zambiri zithunzi zochuluka zimakhala zitafika kale bwinobwino, zili mkati mwa fayilo imene ikukana kutsegukayo.

Chifukwa chake chagona pa mmene zipi imamangidwira. Mtundu wa fayilowu anautulutsa mu 1989 ndi Phil Katz wa ku America, mwini kampani ya PKWARE, ndipo mpaka lero fayilo ya zipi imayamba ndi zilembo `PK` za dzina lake. Mkati mwake mafayilo amandanda limodzi pambuyo pa linzake. Lililonse limapanikizidwa palokha ndipo lili ndi kachizindikiro kake kutsogolo, kotchula dzina lake. Kenako, kumapeto kwenikweni, kumabwera kaundula wa zonse, wonena kuti muli mafayilo angati, maina awo ndani, ndiponso lililonse layambira pati. Pulogalamu yotsegula zipi siyambira kumayambiriro. Imathamangira kumapetoko kukawerenga kaundula, kenako nkubwerera kudzatenga mafayilo.

Zili ngati lole yanyamula matumba a chimanga, thumba lililonse lili ndi dzina la mwini wake, koma pepala la mndandanda wa katundu lili m'thumba lomaliza. Thumba lomalizalo likatsala m'njira, kalaliki wouma mutu akana kulandira katundu yense, chonsecho matumba enawo ali pomwepo osang'ambika.

Ndi zimene zimachitika netiweki ikaduka fayilo ili m'njira, malo akatha mu foni kapena mu kompyuta, kapenanso munthu akazula fulashi kukopera kusanathe. Fayilo imabwera motsatana kuyambira kumutu, choncho chimene chimatsala ndi kumchira, komwe kuli kaundula. Pa nkhani ya ukwati ija, ngati kutsitsa kunaima pa megabaiti 900, ndiye kuti zithunzi pafupifupi 180 zafika zathunthu, chimodzi chaduka pakati, ndipo zotsalazo sizinafike. Windows yangosowa kaundula basi, ndiye ikuti fayilo yonse ndi yowonongeka.

Choyamba kuchita, munthu asanagule bandulo ina, ndi kuyerekeza kukula kwa fayilo mbali zonse ziwiri. Pa Windows amadina fayiloyo ndi batani la kumanja la mbewa, nkusankha `Properties`, ndipo pa mzere wa `Size` pamaoneka nambala yaitali ya mabaiti. Wotumiza achite chimodzimodzi kwake, awerengerane manambalawo pa foni. Nambala yaitaliyo ndiyo yofunika, chifukwa yofupikitsa ija imabisa kusiyana kochepa, pamene ngakhale kachidutswa kakang'ono kakasowa kumapeto ndi kokwanira kuti zipi ikane. Nambala ya wolandira ikakhala yochepa, vuto lapezeka: fayilo inaduka m'njira.

Manambala akafanana, maso atembenukire kwa wotumiza. Mwina kompyuta yake sinamalize kuilongedza zipiyo bwinobwino, ndiye kuti inachoka kwake ili yoduka kale. Iye ayese kuitsegula kwake. Pulogalamu yaulere ya 7-Zip, imene Igor Pavlov anayamba kuitulutsa mu 1999, ili ndi lamulo la `Test archive` limene limawerenga fayilo iliyonse mkatimo nkunena ngati ili bwino. Imatha kudziwa chifukwa zipi imasunga nambala yotsimikizira ya fayilo iliyonse, yotchedwa CRC, imene imawerengeredwa kuchokera ku zomwe zili m'fayiloyo. Potsegula, pulogalamu imawerengeranso nambalayo. Ikasiyana ndi yosungidwa, imalemba `CRC failed` pambali pa dzina la fayilo imene yawonongeka. Uthenga umenewu si woopsa ngati mmene umamvekera, chifukwa ukuloza fayilo imodzi kapena ochepa, ndipo enawo amatuluka ali bwino.

Nthawi zina zipi imakhala yathunthu koma chotsegulira ndicho chikulephera. Chotsegulira chimene chimabwera ndi Windows sichidziwa zipi zotsekedwa ndi pasiwedi ya mtundu wa AES, ndipo chimakakamiranso mafoda akalowana kwambiri mpaka njira yonse ya fayilo nkupitirira zilembo 260. Apo chimalemba `Path too long`, ndipo mankhwala ake ndi kuisamutsira zipiyo pa foda ya dzina lalifupi pafupi ndi `C:\` nkuitsegulira pamenepo. Mavuto awiriwa 7-Zip imawadutsa mosavuta, nchifukwa chake ndi bwino kuiyesa munthu asanataye mtima.

Kubwerera ku fayilo yoduka ija, 7-Zip yomweyi ndi imene ingapulumutse zomwe zafika. Ikasowa kaundula, imayamba kuwerenga kuchokera kumutu, kutsatira tizizindikiro ta fayilo iliyonse, ndipo imatulutsa mafayilo mmodzimmodzi mpaka pamene zipi yadukira. Pamenepo imadandaula kuti `Unexpected end of data`, koma zomwe yatulutsa kale zimakhala mu foda. Amene amagwiritsa ntchito Linux kapena Mac ali ndi lamulo lochita zofanana, limene limamanga kaundula watsopano pa zomwe zatsala:

```
zip -FF ukwati.zip --out yokonza.zip
```

Palibe pulogalamu imene ingabweze zomwe sizinafike. Amene amalonjeza pa intaneti kuti akonza zipi yonse munthu akalipira sangapange chithunzi chimene mabaiti ake sanatsike. Komanso kupulumutsa kotereku kumayenda bwino pa zipi chifukwa fayilo iliyonse inapanikizidwa payokha. Mtundu wa `.7z` ndi wosiyana: kawirikawiri umapanikiza mafayilo ambiri pamodzi ngati chinthu chimodzi, ndipo ukaduka kapena kuwonongeka, kupulumutsa zamkati kumavuta kwambiri.

Apa tsopano ndi pamene kutumiza chimodzichimodzi kumakhala kwanzeru. Eni ukwati awerenga zomwe zatuluka, apeza 180 zabwino, auza wojambula dzina la chithunzi chomaliza chimene chikutseguka. Iye atumiza 60 zotsalazo zokha, kuphatikizapo chija chinaduka pakati. Amenewo ndi megabaiti 300 m'malo mwa 1,200. Ndipo netiweki ikadukanso, chotayika ndi chithunzi chimodzi cha megabaiti 5, chimene chingatumizidwenso pa mphindi yochepa. Phindu lenileni la njirayi ndi limeneli: fayilo iliyonse imafika kapena kulephera payokha, osakokera inzake.

Ena amada nkhawa kuti popanda zipi mafayilo akhala aakulu. Pa zithunzi nkhawayi ilibe maziko. Zithunzi za JPEG, nyimbo za MP3 ndi mavidiyo a MP4 amakhala opanikizidwa kale, moti zipi imachotsapo pang'ono kwambiri. Ngakhale zikalata za Word za `.docx` ndi zipi kale mkati mwake. Kwa wojambulayu zipi inali chabe njira yomangira katundu pamodzi.

Koma njira yotumizira ndi imene imapweteka anthu. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba, pulogalamuyo imachichepetsa kuti chiyende msanga. Pa foni chimaonekabe chokongola, koma chikapita kosindikiza kuti chikhale chachikulu cha pakhoma, kusawala kwake kumaonekera. Dzina lake limasinthanso: pa foni za Android chimafika ndi dzina latsopano lokhala ndi tsiku limene chalandiridwa ndi zilembo `WA`, ndiye kufananitsa ndi mndandanda wa wojambula kumakhala kosatheka. Kupewa kwake ndi kusankha `Document` potumiza. Mwa njira imeneyi fayilo imafika monga ilili, ndi dzina lake ndi kukula kwake, ndipo kuyambira 2022 WhatsApp imalola fayilo yofika gigabaiti 2.

Imelo ili ndi malire ake. Gmail imalola megabaiti 25 pa kalata imodzi, kutanthauza zithunzi zosapitirira zisanu za kukula kotere. Zithunzi 60 zifuna makalata osachepera 12, ndipo zonse 240 zikanafuna 48. Munthu akafika pa kalata ya makumi awiri amakhala atasokonezeka kale, china watumiza kawiri, china wadumpha.

Kusokonezeka kumeneku ndiko mtengo wa njirayi, ndipo ambiri saukonzekera. Zipi imasunga mafoda monga analili: za ku tchalitchi pazokha, za ku madyerero pazokha. Mafayilo akabwera paokha amagwera malo amodzi. Ngati makamera anali awiri ndipo iliyonse inatulutsa chithunzi cha dzina lakuti `IMG_0001.JPG`, chachiwiri chikhoza kufufuta choyamba pokopera, kapena kusinthidwa dzina osadziwika kuti nchochokera kuti. Choncho wotumiza ayambe wasintha maina kuti aliyense akhale ndi nambala yakeyake, atumize uthenga wonena chiwerengero chonse, ndipo wolandira awerenge asananene kuti zafika. Pali mafayilo ena amene sayenera kulekanitsidwa nkomwe, monga pulogalamu ya kompyuta kapena ntchito ya vidiyo imene imadalira mafoda ake. Amenewo akabalalika sagwira ntchito ngakhale onse atafika.

Ikanakhala kuti wojambula uja akuyambiranso, njira yabwino kuposa ziwiri zonsezi ikanakhala yapakati: zipi zisanu ndi imodzi, iliyonse ya zithunzi 40 ndi megabaiti 200, iliyonse yoyesedwa kwake isananyamuke. Imodzi ikaduka, amabwereza yokhayo. Chofunika kusamala ndi chakuti zikhale zipi zodziimira pazokha, zopangidwa posankha zithunzi 40 nthawi iliyonse. Mu 7-Zip muli bokosi la `Split to volumes` limene limadula zipi imodzi yaikulu m'zidutswa zothera ndi `.001`, `.002` ndi zotsatira. Zidutswa zimenezi zimaoneka ngati mafayilo osiyana, koma kaundula wake ndi mmodzi yemwe uja, ali m'chidutswa chomaliza, ndipo pulogalamu imafuna zonse zikhale mu foda imodzi kuti itsegule bwino. Chimodzi chikasowa, eni ukwati akumananso ndi vuto lomwe lija.