Sitetimenti yafika: musanalipire, iyerekezeni ndi buku lanu la ngongole

Mwezi ukatha, aliyense amene amaoda katundu pangongole amalandira pepala lochokera kwa womugulitsa. Pepalalo ndi sitetimenti. Pamwamba pake pamakhala ngongole yotsala ya mwezi wapitawo, pakati pamandandalikidwa mainvoisi a katundu amene mwatenga ndi ndalama zimene mwapereka, ndipo pansi pamakhala nambala imodzi yakuda bii imene akufuna kuti mulipire. Eni masitolo ambiri maso awo amathamangira pa nambala yapansiyo. Ikafanana ndi imene ili m'mutu mwawo amatumiza ndalama, ikasiyana amaimba foni kukakangana.

Koma sitetimenti si chigamulo. Ndi mawu a mbali imodzi, olembedwa ndi kalaliki wa sapulaya malinga ndi mapepala amene anafika patebulo pake. Inunso muli ndi mawu anu m'buku la ngongole, limene maakauntanti amati leja, momwe sapulaya aliyense ali ndi tsamba lake. Kaya bukulo ndi kope lachikuto cholimba kapena lili pakompyuta, ntchito yake ndi imodzi. Mapepala awiriwa amanena za malonda omwewo, choncho akasiyana ndiye kuti pali chinthu chimene wina walemba koma mnzake sanalembe. Ntchito yanu ndi kuchipeza ndi kuchitchula dzina.

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira nyumba pa boma la Ntcheu, imene imaoda malata, penti ndi misomali kwa sapulaya wa ku Limbe. Sitetimenti ya pa 30 Juni ikuti ngongole ndi K4,765,000. Buku la pasitolopo, pa tsiku lomwelo, likuti K3,475,000. Kusiyana kwake ndi K1,290,000. Mwini sitolo akafufuza invoisi imodzi ya ndalama zimenezi sadzaipeza, chifukwa kusiyana kotere kawirikawiri kumakhala zinthu zingapo zosakanikirana, zina zokweza ngongole, zina zotsitsa. Nchifukwa chake kuyerekeza matotala okha sikuthandiza. Ngakhale matotala ofanana akhoza kubisa zolakwika ziwiri zimene zafafanizana.

Choyamba kuona ndi ngongole yoyambira mwezi. Ngati ya pa 1 Juni pasitetimenti ikusiyana ndi ya m'buku, vuto linayamba mu Meyi kapena m'mbuyo mwake, ndipo muyenera kubwerera komweko kaye. Pachitsanzo chathu nambala ziwirizi zikugwirizana. Kenaka mutenge pensulo, muike mapepala awiriwo moyandikana, muziyenda mzere ndi mzere. Invoisi iliyonse ya pasitetimenti muifufuze m'buku, muone nambala yake, deti lake ndi ndalama zake, ndipo zonse zikagwirizana muchonge mbali zonse ziwiri. Nambala ya invoisi ndiyo yodalirika kuposa ndalama, poti sitolo yooda matumba a simenti ochuluka mofanana sabata iliyonse imakhala ndi mainvoisi angapo a ndalama zofanana ndendende. Mukamaliza, yang'anani zotsala zosachongedwa kumbali zonse. Nkhani yonse ili mwa zimenezo.

Pa sitolo ya ku Ntcheu patsala mizere inayi. Wosavuta kwambiri ndi ndalama zokwana K900,000 zimene analipira ndi cheke pa 29 Juni. M'buku zalembedwa, koma pasitetimenti palibe, chifukwa chekecho chinafika ku Limbe mu Julayi sitetimenti itasindikizidwa kale. Apa palibe wolakwa ndipo palibe chokonza. Mungoonetsetsa ku banki kuti ndalamazo zatulukadi, ndiye mudikire kuziona pa sitetimenti yotsatira. Zikapanda kuonekanso mwezi wamawa, pamenepo ndiye pafunika kufunsa, chifukwa mwina anazilemba pa akaunti ya kasitomala wina.

Mzere wachiwiri ndi invoisi imene ili mbali zonse koma ndalama zake zikusiyana: pasitetimenti K272,000, m'buku K227,000. Kutulutsa invoisi yeniyeniyo mufayilo, yalembedwa K272,000. Wolemba buku anatembenuza manambala awiri. Cholakwika chotere chili ndi chizindikiro chake: kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala, monga K45,000 iyi. Mukatsala ndi kusiyana kosadziwika chiyambi chake, yesani kugawa ndi 9 musanayambe kukayikira munthu.

Wachitatu ndiye wofunika kudekha nawo. Pasitetimenti pali invoisi nambala 2217 ya K420,000, ya pa 18 Juni, koma m'buku mulibe. Anthu amalakwitsa m'njira ziwiri pamenepa. Ena amangoikopera m'buku kuti manambala agwirizane, ena amaikana kuti sakuidziwa. Zonsezi nkuthamanga. Funso loyenera kuyankha ndi lakuti kodi katunduyo anafikadi pasitolo? Yankho lake silili pasitetimenti kapena m'buku la ngongole. Lili pa delivale noti, kapepala kamene wolandira katundu amasaina lole ikatsitsa, ndiponso m'kaundula wa katundu wolowa m'sitoko. Mupemphe sapulaya akutumizireni kope la invoisiyo pamodzi ndi delivale noti yosainidwa, muone ngati siginechayo ndi ya munthu wanu, muonenso ngati munaodadi katunduyo pa mtengo umenewo.

Ku Ntcheu kuja zikupezeka kuti misomali ndi waya zinafika pa 19 Juni, mnyamata wa kusitoko anasaina, invoisi naiika m'dirowa osaipereka kwa wolemba buku. Ngongoleyo ndi yoona ndipo iyenera kulowa m'buku, m'mwezi wa Juni womwewo, popeza katunduyo wayamba kale kugulitsidwa ndipo kusiya mtengo wake kungachititse phindu la mweziwo kuoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Delivale noti ikanasowa, kapena ikanaonetsa dzina la sitolo ina ya dzina lofanana ndi lanu, invoisiyo simukanailemba. Mukanaiika pa mndandanda wa zotsutsidwa ndi kulembera sapulaya kuti aichotse. Zimachitikanso mosemphana: invoisi kukhala m'buku koma osapezeka pasitetimenti. Musasangalale msanga kuti sapulaya waiwala. Nthawi zambiri mupeza kuti munailemba kawiri, koyamba kuchokera pa chithunzi cha pa WhatsApp, kachiwiri pepala lenileni litafika, kapena munailemba pa tsamba la sapulaya wolakwika.

Mzere wachinayi ndi kirediti noti. Ili ndi pepala limene wogulitsa amalemba pofuna kuchepetsa ngongole yanu, kaya chifukwa mwabweza katundu, katundu anafika wopelewera, kapena anakulipiritsani mtengo wopitirira umene munagwirizana. Pasitetimenti pali kirediti noti ya K75,000 yokonza mtengo wa penti, koma pepalalo silinafike ku Ntcheu, choncho m'buku mulibe. Mwini sitolo akanalipira motsatira buku lake lokha, akanapereka K75,000 yoonjezera. Aitanitse kope lake, aone kuti likutchula invoisi iti, alilembe.

Tsopano masamu. Buku linali pa K3,475,000. Tionjezere K420,000 ya invoisi yoiwalika ndi K45,000 ya manambala otembenuzidwa, tichotse K75,000 ya kirediti noti: tapeza K3,865,000. Sitetimenti inali pa K4,765,000, ndipo tikachotsa K900,000 ya cheke chija yatsala K3,865,000. Mbali ziwiri zakumana. Onani kuti m'buku mwanu mumakonza zolakwika zanu zokha. Za sapulaya simuzikopera, mumazilemba papepala la kuyerekezalo ndi kumudziwitsa kuti akonze kwake.

Ambiri amaika pensulo pansi pamenepa, ndipo apa mpamene ndalama zambiri zimatayikira. Pa 11 Juni, lole itatsitsa malata, asanu ndi limodzi anali opindika, ndipo anabwezedwa pa lole yomweyo. Lililonse linali K30,000, onse pamodzi K180,000. Dalaivala anati auza abwana, wogulitsa pafoni anati musadandaule tikonza. Invoisi inabwera ya malata onse ndipo inalembedwa yonse m'buku. Kirediti noti sinalembedwe konse. Ndiye sitetimenti ikuti malata onse, buku likutinso malata onse, mizere iwiriyo yachongedwa bwinobwino, koma onse awiri akunama mofanana. Ngongole yeniyeni ndi K3,685,000.

Kirediti noti imene sinalembedwe simungaipeze poyerekeza mapepala awiriwa, chifukwa siili pa lililonse. Pamafunika mboni yachitatu. Sitolo iliyonse yooda pangongole iyenera kukhala ndi kabuku ka katundu wobwezedwa, ka mapepala a kaboni ndi manambala otsatizana, momwe mumalembedwa deti, katundu, kuchuluka kwake ndi nambala ya invoisi, dalaivala nasaina, kope limodzi napita nalo. Ngati katundu wafika wopelewera, zilembedwe pa delivale noti pomwepo lole isananyamuke. Ndiye mwezi ukatha, mukamaliza kuchonga sitetimenti, mutsegule kabukuko ndi kufunsa tsamba lililonse kuti kirediti noti yake ili kuti. Muchitenso chimodzimodzi ndi kuchotsera mtengo kumene munalonjezedwa chifukwa chooda katundu wambiri.

Ine ndimaona kuti chifukwa chimene makirediti noti amasowera kuposa mainvoisi si kuba kwenikweni. Invoisi imabweretsa ndalama kwa sapulaya, choncho pali munthu amene ntchito yake ndi kuionetsetsa kuti yatuluka. Kirediti noti imachotsa ndalama, kawirikawiri imadikira siginecha ya bwana, ndipo palibe aliyense kumeneko amene amagona tulo tochepa chifukwa yachedwa. Wotsala kuikumbukira ndinu nokha. Pakapita miyezi itatu, dalaivala uja atasiya ntchito, malata aja atasakanikirana ndi ena m'sitoko ya ku Limbe, mawu a pafoni sangakuthandizeninso. Kwa amene analembetsa msonkho wa VAT ku MRA palinso mbali ina: msonkho umene mumabwezeredwa pa katundu woodedwa umatsamira pa invoisi yovomerezeka, ndipo kirediti noti imauchepetsa, motero mapepala akasowa mafomu a msonkho nawonso amalakwika.

Polipira, musatumize ndalama yongozungulira ngati K3,000,000 yopanda mawu. Sapulaya adzaigwetsera pa mainvoisi akale kwambiri, kuphatikizapo amene mukutsutsa, ndipo mwezi wamawa simudzadziwa kuti yalipidwa ndi iti. Tumizani ndalamazo ndi kalata yaifupi yotchula nambala ya invoisi iliyonse imene mukulipira, ndi mzere wonena kuti K180,000 ya malata obwezedwa pa 11 Juni mwaigwira kaye kufikira kirediti noti itatuluka, muphatikizepo kope la pepala limene dalaivala anasaina. Ngati pasitolo pali anthu okwanira, woyerekeza sitetimenti asakhale yemweyo amene amalemba buku ndi kukonza malipiro, chifukwa munthu saona msanga cholakwa cha dzanja lake, komanso invoisi yabodza imadutsa mosavuta pamene zonse zili m'manja amodzi.

Pepala la kuyerekezalo lisainidwe, lilembedwe deti, lisungidwe pamodzi ndi sitetimentiyo. Ya Julayi ikafika, muyambire pa zinthu ziwiri zimene zinatsala: cheke cha K900,000 chaoneka kodi, nanga kirediti noti ya malata yatuluka?