Mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money angakuuzeni buledi woti mupikule

Kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, foni imalira, mwini golosale n'kuona ngati ndalama yalowa, basi nkhani yathera pomwepo. Koma uthenga uliwonse umakhala ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ndalama. Mutawaphatikiza madzulo aliwonse n'kulemba m'kope, angakuthandizeni kudziwa katundu woti mupikule.

Tiyerekeze kuti m'kope mwanu muli izi: Lolemba K42,000, Lachiwiri K38,000, Lachitatu K40,000, Lachinayi K36,000, Lachisanu K55,000, Loweruka K90,000, Lamulungu K49,000. Zonse pamodzi zikukwana K350,000, ndipo mukagawa ndi masiku 7 mupeza K50,000. Imeneyi ndiye avereji, ndalama yomwe bwenzi mukulandira tsiku lililonse malonda akanati aziyenda mofanana.

Koma taonaninso m'kopemo. Masiku asanu mwa asanu ndi awiriwo sanafike pa K50,000. Loweruka lokha ndi limene lakokera avereji m'mwamba. N'chifukwa chake pali funso lachiwiri lofunika kuposa loyamba: kodi tsiku lililonse likutalikirana bwanji ndi avereji? Lolemba laperewera ndi K8,000, Lachinayi ndi K14,000, pomwe Loweruka lapitirira ndi K40,000. Mukaphatikiza kusiyana kwa masiku onse, osasamala kuti laperewera kapena lapitirira, mupeza K90,000, ndipo mukagawa ndi 7 ikhala pafupifupi K13,000. Ndiye kuti malonda anu amaphonya avereji ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kumeneko n'kusinthasintha kwakukulu, ndipo avereji imodzi ya sabata yonse siyoti muidalire.

Agaweni masikuwo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi avereji ndi K39,000, ndipo palibe tsiku lomwe lasiyana nayo ndi ndalama yoposa K3,000. Masiku anayi amenewa ndi okhazikika. Loweruka liziwerengedwa palokha, poliyerekeza ndi Loweruka linzake.

Tsopano tione pa buledi, poti ndiye sachedwa kuuma. Si onse amalipira pa foni, choncho kwa sabata imodzi muwerengenso ndalama za m'kabati kuti mudziwe gawo lomwe limadzera pa foni. Tinene kuti ndi theka, kuti buledi amabweretsa K1 pa K5 iliyonse, ndiponso kuti mmodzi mumagulitsa K2,500. Avereji ya K50,000 ija ikutanthauza malonda a K100,000 patsiku, buledi wa K20,000, kapena kuti malofu 8. Mukamatenga 8 tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachinayi muzigulitsa 6 okha, awiri n'kumagona pashelefu. Pofika Lachinayi madzulo atsala 8, ndalama yokwana K20,000 yomwe yangokhala. Loweruka mukufunika 14, ndiye kuti makasitomala asanu ndi mmodzi abwerera chimanjamanja n'kukagula kwa mnzanu, ndipo shuga ndi majarini akagulanso komweko.

Sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira n'zosavuta, chifukwa sizionongeka msanga. Pikulani molingana ndi avereji ya sabata, n'kuwonjezerapo zokwanira tsiku limodzi lamalonda ambiri.

Manambala a pa foni amanamanso, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala mwini wake. Ngati nambala ya golosale ndi yomweyo imene achimwene a ku Joni amatumizirako ndalama, tsiku limenelo lidzaoneka ngati malonda anatentha. Chimodzimodzi munthu akabweza ngongole ya mwezi wathunthu: ndalama yalowa lero, koma katundu anachoka kalekale. Zoterezi muzizichotsa musanaphatikize. Tsiku lomwe netiweki inavuta, kapena munatseka kupita kumaliro, lembani chizindikiro pambali ndipo musaliwerengere. Mitengo ikakwera, ndalama zimachuluka pomwe mapaketi ogulitsidwa ndi omwewo, choncho gawani ndi mtengo watsopano musanaganize kuti malonda akula.

Chobisika kwambiri ndi tsiku lomwe katundu anatha msanga. Buledi akatha 10 koloko m'mawa, foni singakuuzeni za anthu amene anabwera masana n'kubwerera. Mukakhulupirira nambala ya tsikulo mudzapikulanso wochepa, adzathanso, ndipo m'kope mudzaoneka ngati zonse zili bwino. Muzilemba nthawi yomwe katundu wathera.

Sabata imodzi tangochitira chitsanzo, siyokwanira. Lembani masabata anayi kapena kuposerapo kuti kumapeto kwa mwezi, pomwe apantchito alandira, kulowemo. Ndipo avereji ya mu Juni, anthu atakolola n'kugulitsa mbewu, musapikulire katundu wa mu Febuluwale. Nyengo ikasintha, werengerani mwatsopano.