Bandulo ilipo, koma hotisipoti ikukwawa

Foni ikamagawira laputopu intaneti imagwira ntchito ziwiri: imalandira deta kuchokera ku nsanja ya netiweki, n'kuipatsira laputopuyo pa wayifayi. Timizere ta wayifayi pa laputopu timadzaza chifukwa foni ili pambali pomwepo, koma sitinena kanthu za mtunda wa pakati pa foni ndi nsanja, kumene vuto limakonda kukhala.

Mphamvu ya netiweki ili ndi muyeso wake. Pa mafoni ambiri a Android, lowani mu Settings, kenako About phone, mupeze SIM status. Mudzaona nambala ngati -85 dBm. Pa 4G, nambala ya pafupi ndi -85 ndi yabwino, pamene -110 ndi yofooka kwambiri. Kusiyanaku si kwa masewera: kuchoka pa -90 kufika pa -110, mphamvu yofika pa foni imakhala yatsika ka 100. Zikatero nsanja imatumiza deta pang'onopang'ono n'kumabwereza zimene zatayika m'njira. Malata ndi makoma a simenti amatchinga netiweki, choncho ikani foni pawindo, laputopu ikhale patebulo. Wayifayi imafika bwinobwino m'chipinda chimodzi. Foni ikatsikira pa H kapena E, ndiye kuti yachoka pa 4G.

Kuchepetsedwa liwiro ndi nkhani ina, chifukwa kampani imachita dala. Mabandulo ena otchedwa opanda malire amakhala ndi malire ndithu, olembedwa m'timalamulo tija timangodumpha pogula: mukadutsa mlingo wakutiwakuti, intaneti siitsekedwa koma liwiro limatsitsidwa. Tiyerekeze kuti mukukopera fayilo ya 100 MB. Pa liwiro la 8 Mbps imatha m'masekondi 100. Akakutsitsani kufika pa 256 kbps, fayilo yomweyo imatenga mphindi pafupifupi 52, ndipo ngati anthu anayi alumikiza pa hotisipotiyo, onse amalimbirana kaliwiro komweko.

Nanga mudziwa bwanji chimene chakugwirani? Yezani liwiro pa fast.com muli m'nyumba, mutuluke panja muyezenso, kenako mubwereze m'mamawa. Netiweki yofooka imasinthasintha, ndipo mukasuntha nambala imasuntha nanu. Liwiro likamatsika madzulo okha n'kubwerera m'bandakucha, ndiye kuti anthu achulukana pa nsanja imodzi. Koma likangokakamira pa nambala imodzi yotsika, panja ndi m'nyumba, usiku ndi usana, timizere tili todzaza, kampani yakutsitsani. Pamenepo kukwera pachulu n'kudzivutitsa. Dikirani tsiku limene mlingo uyambirenso, kapena gulani bandulo ina.

Nthawi zambiri chimene chimakufikitsani msanga pa mlingowo ndi laputopu yomweyo. Windows ikaona wayifayi imayamba kukopera zokonzera pulogalamu yake mosakufunsani. Tsegulani Properties ya wayifayi ya hotisipotiyo n'kuyatsa Metered connection, ndipo zambiri mwa zokoperazo zidzaima.