Mtanda wagolide ndi mtanda wa imfa: zizindikiro zobwera mvula itakunyowetsa kale

Pa 23 Malichi 2020, mliri wa kovidi utatseka masitolo ndi mabwalo a ndege, msika wa masheya wa ku New York unagwa mpaka pomwe unalekezera. Mulingo wa S&P 500, womwe umaphatikiza mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500 a ku Amereka, unatseka tsikulo pa 2,237, kuchoka pa 3,386 pomwe unali pa 19 Febuluwale. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chimenechi linali litasungunuka m'milungu isanu yokha.

Chenjezo lotchuka loti msika ukugwa linafika patatha sabata imodzi, kumapeto kwa Malichi. Pa nthawiyo mulingowo unali utakwera kale kufika cha m'ma 2,600. Amene anamvera chenjezolo n'kugulitsa masheya ake anathawa m'nyumba moto utazima.

Chenjezo limeneli pamakompyuta ndi pamafoni a ochita malonda limalembedwa kuti Death Cross, kutanthauza mtanda wa imfa. Lili ndi mnzake, Golden Cross, mtanda wagolide, womwe amati umalosera kukwera kwa mitengo. Mainawa ndi olemera, ndipo atolankhani a zachuma amawakonda, koma chimene chili kuseri kwake ndi masamu a ku pulayimale. Munthu amatenga mitengo imene msika unatsekera pa masiku 50 apitawa, n'kuiphatikiza, n'kugawa ndi 50. Yapezeka avareji. Mawa lake amachitanso chimodzimodzi, kungoti mtengo watsopano walowa ndipo wakale kwambiri watuluka. Akalumikiza madontho a tsiku ndi tsiku patchati, pamatuluka mzere wosalala wotsata mtengo. Kenako amajambula mzere wachiwiri, wa masiku 200. Pamapulogalamu ambiri mizereyi imalembedwa kuti SMA 50 ndi SMA 200. Mzere wa 50 ukadutsa wa 200 kuchokera pansi kupita pamwamba, ndiye mtanda wagolide. Ukaudutsa kulowera pansi, ndiye wa imfa.

Masiku akunenedwawa ndi a malonda okha, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Choncho masiku 50 ndi milungu khumi, pomwe 200 ndi miyezi isanu ndi inayi ndi theka.

Kuchedwa kwa zizindikirozi kumabadwira pomwepa. Avareji ya masiku 50 imanena za mtengo wa pakatikati pa masikuwo, ndiye kuti mtengo wa masiku 25 apitawo. Ya masiku 200 ili m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 100, miyezi isanu. Tsiku limodzi, kaya likhale loopsa chotani, lili ndi mawu amodzi okha pa mawu 200. Msika womwe unali phee utagwa lero ndi 10 peresenti, mzere wa masiku 50 ungatsike ndi 0.2 peresenti yokha, ndipo wa 200 ndi 0.05 peresenti, kusuntha komwe maso sangakuone n'komwe patchati. Kuti mzere wa 50, womwe pa nthawi ya malonda abwino umakhala pamwamba patali, utsike mpaka kukakumana ndi mnzakewo, pamafunika masiku oipa ambiri otsatizana. Mu 2020 masiku oipawo anatha msanga kuposa momwe masamuwo akanayendera. Mtanda wagolide unadzaoneka kumayambiriro kwa Julayi, mulingo uli cha m'ma 3,150. Wogulitsa pa 2,600 uja anagulanso katundu yemweyo atakwera ndi pafupifupi 20 peresenti.

Komabe chaka cha 2020 chinamuluma kamodzi kokha. Msika umene umasautsa kwambiri otsatira mitandayi ndi wakwera-tsika, womwe umadumphadumpha miyezi yambiri osapita kulikonse. Mlenje wolondola mapazi a njovu amaipeza, chifukwa njovu ikalunjika kumtsinje imapita kumtsinje. Wolondola mapazi a kalulu amati akamakhotera kum'mawa, kalulu ali kale kumadzulo.

Chitsanzo chooneka bwino ndi cha 2015 ndi 2016. Mu Meyi 2015 mulingo wa S&P 500 unafika pa 2,130 n'kuima, miyezi ikudutsa ukungozungulira pamalo amodzi. Pa 11 Ogasiti dziko la China linachepetsa mphamvu ya ndalama yake, misika inanjenjemera, ndipo pa 25 Ogasiti mulingowo unatseka pa 1,867. Mtanda wa imfa unatuluka masiku ochepa pambuyo pake, kumapeto kwa mweziwo, mtengo utabwerera kale cha pa 1,989. Tiyerekeze munthu amene anali ndi masheya a madola 10,000 tsikulo, ndipo amamvera mizere iwiriyi osafunsa. Anagulitsa.

Msika unagwedezekanso mu Seputembala, kenako mu Okutobala unakwera mwamphamvu mpaka kudutsa 2,100 kumayambiriro kwa Novembala. Mnzathuyo ankangoonerera ndalama zili m'thumba, poti mizere inali isanamuuze kanthu. Inadzamuuza masiku ochepa Khirisimasi isanafike: mtanda wagolide, mulingo uli cha pa 2,021. Anagula, mokwera pang'ono kuposa momwe anagulitsira.

Mtanda wa mu Disembala umenewu ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, chifukwa ukuonetsa chinthu chimene ambiri owerenga matchati saganizira. Pa tsiku limene unaoneka, msika sunali kukwera ayi. Unali ukutsika kuchokera pa nsonga ya mu Novembala, ndipo mtengo weniweni unali pansi pa mizere yonse iwiri. Nanga mzere wa 50 unkakwera bwanji? Avareji imasintha pa zifukwa ziwiri, mtengo wolowa ndi mtengo wotuluka. Mtengo wa lero ukakhala wapamwamba kuposa wa tsiku limene likutuluka m'gulu la masiku 50, avareji imakwera, ngakhale lero msika utagwa poyerekeza ndi dzulo. Mu Disembala masiku amene ankatuluka anali a kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, pomwe mitengo inali pansi kwambiri. Mzerewo unkakwera chifukwa unkaiwala mavuto akale, osati chifukwa unaona zabwino kutsogolo. Uthenga wa "gulani" unali nkhani ya mu Okutobala yofika mu Disembala.

Chaka chatsopano chinayamba ndi kugwa kwa masheya ku China komanso kutsika kwa mtengo wa mafuta. Pasanathe milungu inayi chigulireni, m'sabata yachiwiri ya Januwale 2016, mtanda wa imfa unabweranso, mulingo uli cha pa 1,924. Madola 10,000 aja anatsala 9,520. Kwa mwezi umodzi zinaoneka ngati wachita mwanzeru, poti msika unatsikabe mpaka 1,829 pa 11 Febuluwale. Koma unatembenukira pomwepo, ndipo mtanda wagolide wotsatira unadikira mpaka kumapeto kwa Epulo, mulingo utafika cha pa 2,088.

Tiwerengetsere. Womvera mizere analowanso mumsika ali ndi madola 9,520. Mnansi wake amene sanakhudze masheya ake kuyambira mu Ogasiti anali ndi pafupifupi 10,500. Kusiyana kwake ndi madola pafupifupi 1,000 m'miyezi isanu ndi itatu, tisanawerengere ndalama zolipira woguliritsa masheya, misonkho, ndi phindu limene makampani anagawira eni masheya iye ali kunja. Zizindikiro zinayi, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinamupatsa mtengo wabwino kuposa chapitacho: anagula mokwera kuposa momwe anagulitsira, anagulitsa motsika kuposa momwe anagulira, n'kugulanso mokwera.

Chifukwa chake sichovuta. Msika ukakhala miyezi yambiri pamalo amodzi, avareji ya masiku 50 ndi ya masiku 200 zimakhala pafupifupi nambala imodzi. Mizere iwiriyo imayenda moguluphana ngati zingwe zopotana, ndipo kugwedezeka pang'ono kumakwanira kuti idutsane. Ndiponso ngati msika umakwera miyezi iwiri n'kutsika miyezi iwiri, chizindikiro chochedwa ndi milungu ingapo chimafika ndendende pamene funde likutembenuka. Kuchedwa komwe pa msika wolunjika kumangodya gawo la phindu, pa msika wodumphadumpha kumasanduka kulakwitsa kotheratu.

Kunena chilungamo, mitandayi inapulumutsapo anthu, ndipo n'chifukwa chake sinafe. Mu Disembala 2007 mtanda wa imfa unaoneka mulingo uli cha m'ma 1,480. Mavuto a ngongole za nyumba ku Amereka anakula, banki ya Lehman Brothers inagwa mu Seputembala 2008, ndipo pa 9 Malichi 2009 mulingowo unatseka pa 676. Mtanda wagolide unabwera mu Juni 2009, mtengo uli cha m'ma 900. Nawonso unachedwa, msika utakwera kale ndi gawo limodzi mwa atatu, koma kugulitsa pa 1,480 n'kugulanso pa 900 palibe angakudandaule. Imeneyo inali njovu, yolunjika njira imodzi kwa miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri. Vuto n'loti pa tsiku la mtanda, tchati sichinena ngati mapaziwo ndi a njovu kapena a kalulu. Mu 2022 mtanda wa imfa unafika pakati pa Malichi, wagolide kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, ndipo pa masiku onse awiriwo mulingo unali cha m'ma 4,170. Miyezi khumi ndi umodzi, munthu n'kubwerera pomwe anatulukira.

Pali zinthu zimene odziwa amayang'ana asanakhulupirire mtanda. Choyamba ndi kupendekeka kwa mzere wa masiku 200: ngati wagona chopingasa, msika ulibe komwe walunjika, ndipo mtanda uliwonse pamenepo ndi wokayikitsa. Amaonanso ngati mtengo wakhala ukudutsadutsa mzerewo m'miyezi yapitayi, komanso pomwe mtengo weniweni uli tsiku la mtandalo. Mtanda wagolide wobwera mtengo uli pansi pa mizere yonse iwiri, monga wa mu Disembala 2015, ukudzitsutsa wokha.

Ena amayesa kuchiza kuchedwaku pofupikitsa masiku, kugwiritsa ntchito 20 ndi 50, kapena avareji yotchedwa EMA, yomwe imapatsa masiku aposachedwa mphamvu yochuluka. Chizindikiro chimafikadi msanga, koma chimafikanso kawirikawiri, ndipo pa msika wakwera-tsika zabodza zimachuluka, chilichonse ndi ndalama yake yolipira pogula ndi pogulitsa. Ena amachita zosiyana: amadikira kuti mizere italikirane ndi 1 peresenti, kapena kuti papite masiku angapo, asanasunthe ndalama. Lamulo lotere limachepetsa mitanda yabodza ya milungu itatu ngati ya mu Disembala 2015. Koma mu 2020, pomwe msika unagwa n'kudzuka mothamanga, likanangowonjezera masiku ena pa chenjezo lomwe linali litachedwa kale ndi sabata, ndipo pogulanso mu Julayi likanamudikiritsa munthu mtengo ukupitirira kukwera.