Kuphunzira zilembo za Chitchaina: yambani ndi njerwa, nyumba ibwera pambuyo

Munthu akayamba kuphunzira Chitchaina, tsiku loyamba lomwelo amafuna kudziwa kulemba mawu othokoza. Mphunzitsi amamulembera 谢谢, ndipo wophunzirayo amangoti kukamwa yasaa. Chilembo chilichonse mwa ziwirizi chili ndi mizere 12 yothithikana m'kabokosi kamodzi. Akayesa kukopera, zomwe zimatuluka zimafanana ndi pamene nkhuku zapalasa. Vuto lake si dzanja, koma wayambira kudenga maziko asanakumbe. Chilembo chimenechi ndi tizigawo titatu toikidwa moyandikana, 讠, 身 ndi 寸, ndipo amene anaphunzira kale tizigawoti amachilemba mosavuta.

Chitchaina sichilembedwa ndi afabeti ngati Chichewa. Chilembo chilichonse chimaimira kaphatikizo kamodzi ka mawu pamodzi ndi tanthauzo lake. Mndandanda umene boma la China linatulutsa mu 2013 uli ndi zilembo 8,105, ndipo 3,500 mwa izo ndi zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Nambala imeneyi imaopsa, koma zilembo zonsezi zimamangidwa ndi tizigawo tochepa tomwe timangobwerezedwa. Dikishonale yotchuka ya Kangxi ya mu 1716 inasanja zilembo zonse pansi pa mizu 214 yokha. Choncho funso lenileni kwa woyamba kumene ndi lakuti ayambe ndi ziti, ndipo azilemba motani.

Choyamba ndi kudziwa kuti mzere n'chiyani. Mzere umodzi umayamba pamene pensulo yakhudza pepala ndipo umatha pamene yanyamuka, ngakhale utakhota panjira. Chilembo 口, chotanthauza kamwa, chimaoneka ngati chili ndi mizere inayi, koma ilipo itatu. Woyamba ndi wotsika wa kumanzere. Wachiwiri umayenda pamwamba kupita kumanja n'kukhotera pansi pensulo isananyamuke. Wachitatu umatseka pansi. Amene amachijambula ngati kabwalo, mozungulira kamodzi n'kamodzi, adzavutika pa zilembo zambirimbiri zomwe zili ndi 口 m'kati mwake.

Mizere ili ndi dongosolo lake, ndipo malamulo akuluakulu ndi ochepa. Timayambira pamwamba kutsikira pansi, monga pa 三, atatu. Timayambira kumanzere kupita kumanja. Mzere wopingasa umayamba, wotsika n'kubwera pambuyo, monga pa 十, khumi. Wopendekera kumanzere umatsogolera wopendekera kumanja, monga pa 人, munthu. Ngati pali mzere wapakati wokhala ndi tiwiri m'mbali, monga pa 小, chaching'ono, wapakatiwo ndiwo umayamba. Dongosololi si mwambo chabe. Limathandiza kuti chilembo chiime bwino, ndipo munthu akayamba kulemba mofulumira mizere imalumikizana m'njira imene ena angaiwerenge. Koposa zonse, dzanja limakumbukira njira imodzi yobwerezabwereza kusiyana ndi njira yosinthasintha.

Tiyeni tilembe limodzi chilembo 国, chotanthauza dziko, chomwe chili ndi mizere 8. Aphunzitsi a ku China amauza ana kuti munthu amayamba walowa m'nyumba kenako n'kutseka chitseko. Mzere woyamba ndi khoma la kumanzere, lotsika. Wachiwiri ndi denga lokhotera pansi kukhala khoma la kumanja. Apa nyumba ikadali yotsegula kunsi, ndiye timalowetsa 玉, mwala wamtengo wapatali: wopingasa wapamwamba, wopingasa wapakati, wotsika, wopingasa wapansi, kenako kadontho kumanja. Yakwana 7. Wachisanu ndi chitatu ndi chitseko, mzere wotseka pansi. Mukatseka msanga, zam'kati zimasowa malo, ndipo mudzaona 玉 atapanikizika kapena atatulukira kunja kwa khoma.

Nanga zilembo zenizenizo zizibwera motsatana bwanji? Lamulo labwino ndi lakuti musaphunzire chilembo musanadziwe tizigawo take. Sabata yoyamba ikhale ya manambala 一, 二, 三, 十 ndi zilembo zosavuta monga 人, 大, 口, 日, 月 ndi 木, zomwe palibe choposa mizere inayi. Kuchokera pamenepo mumamanga. 木 ndi mtengo, mitengo iwiri 林 ndi nkhalango, itatu 森 ndi nkhalango yowirira. Dzuwa 日 ndi mwezi 月 zikakhala pamodzi zimapanga 明, kuwala. Munthu akaima pambali pa mtengo, 休, ndiye kupumula. Apa muona kuti 人 wachepa thupi n'kukhala 亻 kuti apatse mnzake malo, ndipo tizigawo tambiri timasintha maonekedwe chonchi.

Koma musaganize kuti zilembo zonse ndi zithunzi zofotokoza nthano. Zambiri zili ndi mbali imodzi yolozera tanthauzo ndi ina yolozera katchulidwe. Hatchi imalembedwa 马 ndipo imatchulidwa "ma". Mukaika 女, mkazi, kumanzere kwake, mumapeza 妈, mayi, amenenso ndi "ma" ngakhale mawu amakwera mosiyana. Mayi alibe ubale ndi hatchi, hatchiyo yangobwereketsa mawu ake. Chimodzimodzi timadontho titatu 氵 tikaoneka kumanzere timakuuzani kuti nkhani ndi ya madzi, monga pa 河, mtsinje, ndi 海, nyanja.

Dongosolo lomangali lili ndi malire ake. Zilembo zina ndi zovuta koma zimapezeka paliponse, monga 我, ine, cha mizere 7. Mukadikira kuti nthawi yake ikwane, mutha mwezi osalemba chiganizo ngakhale chimodzi. Ndi bwino kulowetsa chilembo chimodzi chotere pa zisanu zilizonse.

Pophunzira, kope la masamu la timabokosi limagwira ntchito bwino. Ana a ku China amalemba m'mabokosi ogawidwa panayi ngati chilembo 田, ndiye inu tengani timabokosi tinayi tikhale bokosi limodzi. Chilembo chilichonse, kaya cha mzere umodzi kaya cha mizere 12, chimadya bokosi limodzi. Mukapanda kusamala, 好, chabwino, chimatayana n'kuoneka ngati zilembo ziwiri, 女 ndi 子.

Anthu ambiri amadzaza tsamba lonse ndi chilembo chimodzi n'kumanyadira kukongola kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pofika mzere wachitatu dzanja limangokopera mutu uli kwina. Lembani kasanu mukuona, mukuwerenga mizere mokweza ndi kutchula mawu ake. Kenako phimbani ndipo lembani kuchokera m'mutu. Yesaninso mawa lake, pakatha masiku atatu, ndi pakatha sabata, mukungoona tanthauzo la m'Chichewa lokha. Chimene chakuvutani chibwerere koyambirira.

Podzikonza, yambani ndi kuwerenga mizere. Ngati buku likuti 8 inu mwapeza 9, ndiye kuti mwadula mzere wokhota pawiri. Kenako onani utali, chifukwa kumeneku n'kumene tanthauzo limathawira. Pa 土, dothi, mzere wapansi ndiwo wautali, pamene pa 士, msilikali kapena munthu wophunzira, wautali ndi wapamwamba. Zilembo zofanana chonchi musaziphunzire tsiku limodzi. Chimodzi chiyambe chakhazikika, kenako muziike pamodzi kuti muone kusiyana kwake.

Sankhaninso msanga mtundu umodzi wa zilembo. Ku China ndi ku Singapore amalemba zilembo zofewetsedwa, zomwe zili m'nkhani ino, pamene ku Taiwan ndi ku Hong Kong amasunga zakale, moti 国 kumeneko ndi 國. Kusakaniza mitundu iwiriyi poyamba kumangosokoneza dzanja.

Zilembo zisanu patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, kwa masabata 50, zimakwana 1,500. Gulani kope la masamu ndi pensulo, ndipo lero lembani 一, 二, 三, 十 ndi 人 basi.